Zigamba za intavyu

Ife amene tinaphunzirira nchito pa wailesi tinazolowera lumo. Munthu akakamba mphindi zitatu, ife timatsala ndi imodzi. Timachotsa "eee", timachotsa kukhosomola, timachotsa pamene anasochera n'kuyamba kukamba za mlamu wake, kenako timalumikiza zotsalazo, ndipo womvera ku Chawama kapena ku Chipata sadziwa n'komwe kuti panapita lumo. Khutu siliona msoko. Koma manje nkhani zambiri zimene kale zinali za mau chabe tikuzijambulanso pa vidiyo, ndi foni kapena ndi kamera yobwereka, ndipo pamenepo chizolowezi chomwecho chimaonekera poyera. Paliponse pamene mwadula mau, chithunzi chimalumpha.

Kulumphaku maedita amakutcha jampukati. Kamera ili pa tiraipodi, siinasunthe. Khoma la kumbuyo lili pomwepo, mpando uli pomwepo. Koma munthu si chipilala: pa masekondi 20 amene mwachotsa, mutu wake unapendekera kumanzere, dzanja linakwera, maso anayang'ana pansi. Mukalumikiza mbali ziwirizo, zonse mu chithunzi zimakhala bata kupatula iye yekha, amene wasintha malo m'kuphethira kwa diso. Woonera sakhala ndi dzina la chimene waona, koma amadziwa kuti pali chimene chachotsedwa, ndipo kwa kamphindi amasiya kumvera nkhani n'kuyamba kuganiza za inu amene munadula.

Mankhwala ake odziwika ndi kuphimba msokowo ndi chithunzi china, mau akupitirira pansi. Zithunzi zonse zimene si za munthu akukamba pa mpando zimatchedwa bi-rolo, dzina lochokera m'masiku a filimu ya mamilimita 16, pamene zidutswa ankaziika pa mipukutu iwiri, A ndi B, kuti polumikizira pasaoneke. Chithunzi chimodzi chimene mwapatukirako pang'ono kenako n'kubwerera pa nkhope chimatchedwa katawei. Ife timangozitcha zigamba, chifukwa nchito yake ndi yomweyo ya telala. Ndipo telala aliyense wa pa Kamwala angakuuzeni kuti chigamba sachidula asanaone kukula kwa chibowo. Apa m'pamene ambiri a ife timasiyana ndi anzathu amene amati akamaliza intavyu amazungulira ndi kamera kujambula chilichonse chooneka bwino, mitambo, nkhuku, ana akusewera mpira, poganiza kuti zidzakwana penapake. Sizikwana. Zigamba zimawerengedwa, ndipo zimachokera m'mau a munthu amene wakamba.

Tiyeni titenge chitsanzo cha nkhani imene ambiri tingaijambule osalipira basi. Amai ena amakazinga vitumbuwa pafupi ndi siteshoni ya maminibasi mu komboni, ndipo tifuna kafilimu ka mphindi 6 kokamba za moyo wao. Palibe wofotokozera; mau onse ndi ao. Tawafunsa mmene tsiku lao limayambira, ndipo ayankha kwa mphindi 2 ndi masekondi 10. Ayamba ndi kudzuka 04 awazi kukanda fulawa. Apatukira pa galu wa aneba amene amawadzutsa. Abwerera, akamba za kukoleza mbaula chifukwa magetsi sangawadalire. Kasitomala afika, amugulitsa, amupatsa chenji. Apitiriza za kusenza baketi kupita pa siteshoni, ndipo mfundo imeneyi aibwereza kawiri. Akamba kuti saladi atakwera mtengo sanakweze vitumbuwa koma anachepetsako kukula kwake. Akhala chete, aitana mwana kuti abweretse madzi. Pothera pake anena kuti ana ao onse anapita kusukulu ndi poto yomweyo.

Zofunika m'yankho limeneli ndi zidutswa zisanu: kukanda, mbaula, baketi, saladi, ana. Zikalumikizidwa zikwana masekondi 48. Zidutswa zisanu zili ndi misoko inayi, ndiye kuti msoko umodzi pa masekondi 12 alionse. Ngati amaiwa adzakamba mphindi 5 pa filimu yonse, amene ali masekondi 300, tiyembekezere misoko pafupifupi 25. Munthu wozolowera maiki, monga mphunzitsi kapena m'busa, angakupatseni yocheperapo, koma munthu wamba amene akukamba uku akuyang'anira poto pa moto, nambala imeneyi siili kutali.

Pa misoko 25 imeneyo, ina 8 tingaibise ndi kukuza chithunzi, njira imene tiikamba kutsogoloku. Iwiri mwina tidzaisiya ioneke. Yotsala 15 ifuna zigamba. Koma chigamba chabwino kawirikawiri sichikhala shoti imodzi. Zimakhala ziwiri kapena zitatu zotsatizana zimene zikuonetsa nchito imodzi ikuyenda. Tsono tifuna mashoti pafupifupi 40 ogwira nchito, osabwereza ngakhale imodzi, chifukwa woonera akaona dzanja lomwelo likuponya mtanda womwewo mu saladi kachiwiri, amadziwa kuti munasowa. Ndipo popeza ena adzatuluka ogwedera, ena munthu adzadutsa patsogolo, ena kamera idzalondola mbale m'malo mwa dzanja, timajambula kuwirikiza kawiri. Mashoti 80 a masekondi 10 ndi mphindi 13 ndi masekondi 20 chabe pa khadi. Koma kuti muwapeze mudzataya theka la tsiku. Ndicho chifukwa popempha nthawi kwa munthu sitinena kuti tibwera kudzacheza ola limodzi. Timanena zoona kuchokera pachiyambi, kuti intavyu ndi yaifupi koma tidzakhala nao mpaka baketi ithe, ndipo mwina tidzabweranso m'mamawa.

Pepala la mapulani timaliyamba tisanafike ndi kamera, pa ulendo woyamba uja wongocheza. Timaligawa patatu: chimene akambe, chimene chingaoneke, ndi nthawi imene chimachitika. Gawo lachitatuli ndi limene limaiwalika, pamene ndilo limalamulira zonse. Kukanda kumachitika kunyumba kukali mdima. Mukafika pa siteshoni 10 awazi mwaphonya kale, ndipo kuwapempha kuti akandenso masana kuti mujambule ndi kuwaonongera fulawa, kuphatikizapo kuti dzuwa lidzalowa pa windo uku mau akuti kunja kukali usiku. Mbaula imakolezedwa kamodzi. Baketi imakhala yodzaza m'mawa chabe. Amene walemba zimenezi pa pepala amadziwa kuti alamu aitchere nthawi yanji, ndiponso kuti anyamule kagetsi kochaja, popeza m'chipinda muja mudzakhala kandulo kapena tochi ya foni.

Gawo lalikulu la pepalalo limadzazidwa intavyu ili mkati. M'modzi wa ife amafunsa, wina amayang'anira kamera, ndipo ngati tili atatu, wachitatu amakhala pambali ndi kope n'kumalemba chinthu chilichonse chogwirika chimene chatchulidwa. Poto. Botolo la saladi. Kabuku ka nkhongole. Njira yodutsa pa ngalande. Chithunzi cha mwana atavala yunifomu. Amaikanso kanyenyezi paliponse pamene akumva kuti padzapita lumo, monga pamene kasitomala anadula nkhani, n'kulemba chimene chinali kukambidwa kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Makutu a pa wailesi amathandiza maningi pamenepa, chifukwa timamva msoko munthu akali kukamba. Ichi ndicho chifukwa chake intavyu imayamba, zigamba zimatsatira. Pa ulendo wocheza uja amaiwa sanatchule kabuku ka nkhongole. Kanatuluka kamera ili kuyaka. Mukadajambula bi-rolo poyamba n'kulongedza, kabukuko mukadakamva chabe osakaona.

Munthu asananyamuke pa mpando pali zinthu ziwiri zotenga pomwepo. Choyamba ndi manja ake ali pa miyendo kapena akusisita chitenje, mutayandikira kwambiri kuti pakamwa pasalowe mu chithunzi. Mukafunsa kafunso kopanda nchito, manja amayenda monga amayendera pokamba. Shoti imeneyi imakwana paliponse chifukwa kuwala, zovala ndi malo ndi zomwezo, koma ndi ya tsiku la njala. Mukaigwiritsa nchito koposa kawiri mu filimu ya mphindi 6 imayamba kununkha. Chachiwiri ndi phokoso la malowo popanda wokamba, masekondi 30 kapena 60, aliyense atakhala chete, maiki ili pamalo pomwe inali.

Tsopano pa poto. Nchito iliyonse imene amaiwa akuchita timaijambula mosiyanitsa kukula. Pafupi kwambiri pa manja, mtanda ukugwera mu saladi wowira. Pafupi pa nkhope, akuyang'ana mu poto. Patali, kuti tione pamene akhala, siteshoni ndi maminibasi kumbuyo. Kuchokera pa phewa lao, kuona chimene iwo akuona. Kenako ina yachilendo pang'ono, mwina kamera ili pansi pafupi ndi malasha. Aphunzitsi ambiri a vidiyo amaphunzitsa mashoti asanu amenewa, ndipo ubwino wake si kukongola ayi. Ndi wakuti alionse awiri mwa iwo angatsatizane popanda kulumpha. Bi-rolo nayonso imalumpha: mukajambula mashoti atatu a poto mutaima pamalo pamodzi ndi kukula kumodzi, mukawalumikiza mwangosamutsa vuto kuchoka pa nkhope kupita pa poto. Lamulo lakale la opanga filimu likuti kamera isunthe madigiri 30 kapena kuposerapo pakati pa mashoti awiri a chinthu chimodzi, apo ayi kukula kusinthe moonekeratu. Madigiri 30 sitiwayeza ndi chipangizo. Ngati mwaima mamita awiri kuchoka pa poto, sunthani chammbali kupitirira mita imodzi, ndipo muone kuti kumbuyo kwasintha.

Shoti iliyonse muigwire masekondi 10, mukuwerenga mumtima, osasuntha, osazuma. Idzagwira nchito masekondi atatu kapena anayi chabe, koma oyamba amakhala ndi kugwedera kwa chala chimene chadina batani, omaliza ali ndi kugwedera kwa chala chimene chikupita kukazimitsa, ndipo pakatipo edita afuna mpata wosankha nthawi imene chitumbuwa chikutembenuka. Kuyendetsa kamera uku ndi uku kumakoma pojambula, koma pa tebulo lodulira kumavutitsa, chifukwa shoti yoyenda ili ndi poyambira ndi pothera, ndipo ngati imatenga masekondi 7 pamene chibowo ndi cha masekondi atatu, mudzaidula ili pa liwiro. Nchito ya manja muilole ithe: dzanja lilowe mu chithunzi, lichite chimene likuchita, lituluke. Chithunzi chikatsala chopanda dzanja, mungapite kulikonse kuchokera pamenepo.

Mukabweranso tsiku lina, kumbukirani duku. Ngati pa intavyu anavala duku yofiira ndipo pa zigamba avala yobiriwira, si mlandu malinga ngati zikuoneka kuti ndi nthawi ina, malo ena, monga kunyumba m'mamawa. Mlandu umabwera pamene chigamba chikunamizira kuti ndi nthawi yomweyo. Baketi nayonso imaulula. Shoti yoyamba ili yodzaza, yachiwiri yatsala pansi, yachitatu yadzazanso, zonse m'masekondi 9. Timajambula chithunzi cha zovala pa foni tsiku loyamba, ndipo mashoti a baketi timawasunga m'ndondomeko ya nthawi. Kamera kapena foni ikhalenso pa mafulemu amodzi masiku onse. Mafoni ambiri amabwera ali pa mafulemu 30 pa sekondi, koma magetsi a kuno ndi a 50 Hz, ndipo pansi pa mababu ena chithunzi cha mafulemu 30 chimaphethira kapena kuonetsa mizere yoyenda. Pa 25 vutoli limachepa, ndiye ngati foni ilola, intavyu ndi zigamba zonse zikhale pa 25.

Zonse zimene takambazi ndi zosavuta, chifukwa kukanda ndi kukazinga kumaoneka. Povuta ndi pa nkhani zakale. Intavyu yabwino imathera nthawi yaitali m'zinthu zimene kamera siingazipeze: mmene anafikira mu Lusaka kuchokera kumudzi, chaka chimene amuna ao anamwalira, tsiku limene anatsala ndi ndalama ya paketi imodzi ya fulawa. Ndipo m'pamenenso misoko imachuluka, chifukwa munthu akamakumbukira amaima, amabwerera, amakonza chaka chimene watchula. Malo amene afuna zigamba zambiri ndi omwewo amene alibe chojambula. Amene sanaganizire zimenezi ndiye amathera pa mitambo ndi dzuwa likulowa. Ife timafunsa funso limodzi intavyu ikatha: amai, pali chinthu chimene chinatsala cha nthawi imeneyo? Nthawi zambiri chimakhalapo. Poto yoyamba yobooka imene manje amasungiramo malasha. Sutikesi imene anabwera nayo. Chithunzi mu alubamu. Nyumba ya lendi imene anayambira, misewu iwiri chabe kuchoka pamene tili. Chithunzi cha mu alubamu timachijambula chili m'manja mwao, chala chikuloza, osati chitagonekedwa pa tebulo, chifukwa manja amachipatsa moyo ndipo mwa njira imeneyo timapeza mashoti atatu m'malo mwa imodzi. Ngati palibe chilichonse, timajambula iwo eni ali chete: akuyenda ndi baketi pamutu, akudikira makasitomala, akutsuka poto madzulo. Munthu ali phee uku mau ake akukamba zakale zimagwirizana, chifukwa woonera amaona ngati akumva maganizo ake.

Pa kompyuta timayamba ngati tili pa wailesi. Timadula mau okha mpaka nkhani imveke titatseka maso, chithunzi chikulumpha mmene chifunira. Kenako timaika chizindikiro pa msoko ulionse n'kuwerenga. Ngati pali mwai wobwerera kukajambula, nthawi yake ndi imeneyi, chifukwa manje mabowo tikuwadziwa ndi dzina. Intavyu imakhala pa mzere wa `V1`, zigamba pamwamba pake pa `V2`, kotero kuti chigamba chikatha, nkhope imabwerera milomo ikugwirizana ndi mau popanda kukonza chilichonse.

Chigamba chisayambire pa msoko penipeni. Chikayamba pa fulemu yomweyo imene mau adulidwa, diso ndi khutu zimagwidwa nthawi imodzi ndipo msoko umamveka. Tiyerekeze ndi msoko wachiwiri uja, pakati pa mbaula ndi baketi, pamene kasitomala anadula nkhani. Timalowetsa shoti ya malasha akuyaka masekondi awiri msoko usanafike, amai akali kukamba za mbaula. Imapitirira mpaka mau a mbaula athe. Kenako timapita pa shoti ya patali, akutuluka pa geti ndi baketi pamutu, ndipo mau a baketi amayamba pansi pake. Tikafika pa mpumulo wa chiganizo, timabwerera pa nkhope. Zonse pamodzi masekondi 7, mashoti awiri, ndipo woonera waona nkhani ikuchoka panyumba kupita pa siteshoni, sanaone chigamba. Chigamba chochepera masekondi awiri chimaoneka ngati kuphethira. Munthu asanazindikire chimene akuona, chapita.

Pa msoko wachinayi, pakati pa saladi ndi ana, pafunika kusamala kwina. Chiganizo cha ana ndi poto ndicho mtima wa yankho lonse, ndipo chiyenera kuoneka pa nkhope. Tsono chigamba chonse timachikankhira kutsogolo, pa mau a saladi: botolo likuthiridwa, dzanja likupima kamtanda kochepa. Chimangodutsa msoko ndi theka la sekondi, ndipo pamene liu loyamba la ana likutuluka, tili kale pa maso ao. Timaphimba mbali yopepuka kuti yolemera ikhale poyera. Filimu imene nkhope imangoonekera apo ndi apo pakati pa mapoto ndi maminibasi yasiya kukhala intavyu, yasanduka pulogalamu ya pa wailesi yokhala ndi zithunzi.

Kukuza chithunzi kuja kumayenda motere. Mukajambula intavyu pa 4K, imene ili 3840 ndi 2160, koma filimu mukuitulutsa pa 1920 ndi 1080, muli ndi chithunzi chachikulu kuwirikiza kawiri m'litali ndi m'lifupi. Ndiye pa msoko mungachoke pa chithunzi cha m'chiuno kupita m'mwamba n'kufika pa cha mapewa ndi nkhope, ngati kuti panali kamera yachiwiri. Mu DaVinci Resolve, chidutswa chachiwiricho mumachipatsa `Zoom` ya 1.4 kapena 1.5. Mukangoika 1.1, kusinthako n'kochepa kwambiri moti kumaoneka ngati kamera yagundidwa, ndipo kulumpha kukadalipo. Pa pepala mungafike mpaka 2.0, koma 4K ya pa foni, makamaka m'malo a mdima, imayamba kufewa musanafikeko. Maso a munthu akhale pa msinkhu umodzi m'zithunzi zonse ziwiri. Njira imeneyi iyeneranso kukonzedwa pojambula, posiya mpata kuzungulira munthu. Amene anayandikira kale mpaka pa chibwano alibe kokuzira. Ndipo imatopetsa msanga: kulowa, kutuluka, kulowa, kutuluka pa masekondi asanu alionse, woonera amayamba chizungulire. Mapulogalamu ali ndi zida zosungunula msoko, `Smooth Cut` mu Resolve ndi `Morph Cut` mu Premiere Pro, zimene zimapanga mafulemu apakati. Zimagwira ngati mutu sunasunthe kwenikweni ndipo kumbuyo kuli khoma. Pa siteshoni, pamene kumbuyo kukudutsa anthu ndi mawilibala, mudzaona munthu akusungunuka ngati phula.

Pali kulumpha kwina kumene chithunzi sichingaphimbe. Pa shopu yoyandikana pakulira nyimbo, kondakita akuitanira anthu a ku tauni. Mukadula masekondi 20, nyimbo imalumpha pakati pa mzere ndipo kondakita amazima ali pakati pa liu. Chigamba chikhale chokongola bwanji, khutu lamva. Chothandiza kwenikweni ndi kuchotsa intavyu pamalo a phokoso: zigamba zijambulidwe pa siteshoni, koma kukamba kuchitikire kunyumba kapena kuseri kumene kulibe nyimbo. Pa zotsalazo, phokoso la malo lija timaliyala pansi pa intavyu yonse, msoko ulionse wa mau timaufewetsa ndi mafulemu awiri kapena atatu olowana, ndipo phokoso la chigamba, monga saladi akuwira, timalikweza pang'ono chabe kuti limveke popanda kulimbana ndi mau.

Chigamba chimabisa, ndipo chobisa chingabisenso bodza. Apa m'pamene timakangana kwambiri tikakhala pa laputopu. Pojambula pa mbaula tinapeza shoti yabwino: amai akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Unali utsi. Pa intavyu, pokamba za imfa ya amuna ao, sanalire. Anakamba mouma, maso ali gwa. Pali msoko pamenepo, ndipo shoti ya misozi ikukwana ndendende. Mukaiika, aliyense woonera adzati analira, ndipo iwo eni akadzaonera pa foni ya mwana wao adzaona kuti mwawaliritsa pa gulu pamene iwo anasankha kulimba. Chimodzimodzi pamene akudandaula za anthu amene amatenga vitumbuwa pa nkhongole osabweza. Muli ndi shoti ya mnyamata akulandira kapepala ka vitumbuwa, nkhope ikuoneka bwinobwino. Iye analipira. Koma mukamuika pansi pa mau amenewo, komboni yonse idzamudziwa ngati wankhongole, ndipo palibe liu limodzi labodza limene mwanena. Pa mau otere timaika kabuku kaja, titajambula kuchokera kumbali kuti maina asawerengeke, kapena manja opanda nkhope. Zimenezi nazonso zimafuna kudziwiratu: amene anamva nkhani ya nkhongole pa intavyu amakumbukira kujambula makasitomala ena kuyambira m'khosi kupita pansi.

Palinso kulumikiza theka la chiganizo cha pa mphindi 3 ndi theka la cha pa mphindi 19, n'kupanga chiganizo chimene munthu sanachinene. Pa nkhope yoonekera simungachite, chifukwa kulumpha kungakugwireni. Pansi pa chigamba zimatheka bwinobwino. Muyeso wathu ndi wakuti tikadawaonetsa mwiniwake, angavomere kuti ndi zimene anatanthauza? Kuchotsa galu wa aneba angavomere. Kuchotsa "koma" amene anatembenuza mfundo yonse, ayi. Nkhani ya kukhulupirika kwa zigamba si ya ife tokha. Mu 2007 pulogalamu ya nkhani ya Five News ku Britain inaletsa mashoti aja a mtolankhani akugwedeza mutu ngati akumvetsera, amene amajambulidwa intavyu itatha, poona kuti ndi sewero limene oonera analizindikira kale.

Ndiye nthawi zina msoko timausiya. Jean-Luc Godard anadabwitsa anthu mu 1960 ndi filimu yodzaza kulumpha kwadala, ndipo Errol Morris, mu The Fog of War ya mu 2003, anasiya Robert McNamara akulumpha pa sikirini poyera. Inu amene munakulira pa YouTube mumaona kulumpha tsiku lililonse osadandaula. Koma kusiya kuyenera kukhala chosankha chimene woonera wachiphunzira kuyambira pachiyambi cha filimu. Mukaphimba misoko 24 mwaukhondo n'kusiya umodzi popanda chifukwa, umaoneka ngati munaiwala. Pa gawo la imfa lija ife timakonda njira yapakati. Chithunzi chimazima kukhala chakuda kwa theka la sekondi, phokoso la malo likupitirira pansi, kenako nkhope imabwerera. Woonera amadziwa kuti papita nthawi ndipo pali zimene sitinamuonetse. Shoti ya utsi ija imapita pa malo ake, pa masekondi aja amai akukamba za kukoleza mbaula, malasha akuoneka mu chithunzi chomwecho.